Mafunso ndi mayankho: kusandutsa zithunzi za manotsi olemba pamanja kukhala manotsi owerengera mayeso

Amene amafunsa mafunso awa nthawi zambiri amakhala ali ndi zithunzi zambirimbiri mu foni, za m'kope lake kapena la mnzake, mayeso akuyandikira, koma sakudziwa poyambira. Poyankha nditsatira tsamba limodzi la phunziro la bayoloje, lonena za mmene zinthu zimalowera ndi kutulukira mu selo, kuchokera pojambula mpaka litakonzedwa. Ndalilemba m'Chichewa kuti tiyendere limodzi, koma njira yake ndi yomweyo m'chilankhulo chilichonse chimene mumaphunzirira.

Zithunzi ndili nazo kale. Bwanji osangowerenga zomwezo?

Manotsi a m'kalasi amalembedwa motsatira pakamwa pa mphunzitsi. Iye amayamba mfundo, wina amafunsa funso, amapatuka, kenako amabwerera pa mfundo ija patapita mphindi khumi. Dzanja lanu limatsatira ulendo wonsewo, ndiye tanthauzo la mawu limagwera pamwamba pa tsamba, chitsanzo chake pansi, ndipo chenjezo lake lili m'mphepete molembedwa chopingasa. Tsiku lomwelo mumamva zonse chifukwa mawu a mphunzitsi akadali m'makutu. Pakatha milungu isanu ndi umodzi mumatsala ndi zidutswa zokha.

Chithunzi chimasunga chisokonezo chimenechi mmene chilili, n'kuwonjezerapo vuto lake. Simungafufuzemo liwu mosavuta, simungasunthe mzere, ndipo pa foni mumangokhalira kukulitsa ndi kuchepetsa. Ntchito yeniyeni ndi kuchotsa mfundo mu dongosolo la mmene zinanenedwera n'kuziika mu dongosolo la mmene zimagwirizanirana.

Ndijambule bwanji kuti zilembo zizioneka bwino?

Yalani kope pa tebulo, ndipo foni iyang'ane tsamba kuchokera pamwamba penipeni, msana wake ulingane ndi pepala. Mukajambula chopendekera, mizere ya kumtunda imachepa ndipo imachita chimbuuzi pamene ya kumunsi ili bwinobwino. Kuwala kuchokere m'mbali, monga pawindo masana. Kukachokera kumbuyo kwanu, mthunzi wa dzanja ndi foni umagwera pakati pa tsamba. Fulashi izimitseni, makamaka ngati munalemba ndi pensulo, chifukwa pensulo imanyezimira ndipo mawu amasanduka banga loyera.

Jambulani tsamba limodzi pa chithunzi chimodzi, ndipo lidzaze chithunzi chonse. Chifukwa chake chimaoneka mukawerengera. Pepala la A4 ndi lotalika mamilimita 297. Kamera ya mamegapikiselo 12 imapereka mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, pafupifupi 4000 m'litali mwa chithunzi, ndiye tsamba likadzaza chithunzi, milimita iliyonse imalandira mapikiselo 13. Kalembo kakang'ono ka mamilimita awiri kamakhala ndi mapikiselo 26 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kamawerengeka bwino. Mukajambula masamba awiri otambasula muli patali, tebulo n'kulowanso m'chithunzi, nambala imeneyi imatsika mpaka theka. Zoyamba kusowa ndi timadontho ta manambala ndi tizizindikiro tokhala pamwamba pa zilembo, monga + wa pa Na⁺.

Pali tinthu tiwiri timene anthu amaiwala. Kope lokhuthala limapindika pafupi ndi msoko, ndipo mawu oyamba a mzere uliwonse amamira mmenemo, choncho kanikizani tsamba ndi chala kapena rula. Komanso ngati pepala ndi lopyapyala moti inki ya kuseri ikuonekera, ikani pepala lakuda kuseri kwa tsambalo. Zilembo za kuseri zimazimiririka kwambiri.

Musanatseke kope, kulitsani chithunzi pa ngodya zonse zinayi n'kuwerenga liwu limodzi pa ngodya iliyonse. Ngati liwu lina silikuwerengeka, jambulaninso nthawi yomweyo.

Mnzanga ananditumizira zithunzi koma ndikakulitsa zilembo zikusungunuka. Chavuta n'chiyani?

Mapulogalamu otumizirana mauthenga amachepetsa zithunzi kuti zipite msanga. Chithunzi cha mapikiselo 4000 chikatsitsidwa kufika pa 1600, kalembo kathu ka mamilimita awiri kamatsala ndi mapikiselo 10 kapena 11 okha, ndipo zimenezo ndi ngati tsamba linadzaza chithunzi chonse. Zomwe zatayika sizibwerera ngakhale muchiwalitse bwanji. Mupempheni atumizenso ngati fayilo, posankha `Document` pa WhatsApp m'malo mosankha chithunzi, kapena aziike pa foda yogawana.

Zithunzi zasakanikirana, sindikudziwa tsamba loyamba ndi liti.

Izi zimapewedwa musanajambule. Lembani ndi pensulo pakona ya tsamba lililonse tsiku la phunziro ndi nambala ya tsamba. Ngati zasakanikirana kale, gwiritsani ntchito chiganizo chomaliza cha tsamba lina ndi choyamba cha tsamba lina, muone ngati zikulumikizana. Mukatha, patsani mafayilo mayina oyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kuti kompyuta iwandandalike yokha:

```
2024-03-12_bayoloje_selo_01.jpg
2024-03-12_bayoloje_selo_02.jpg
```

Ziro wa kutsogolo kwa 1 ndi 2 ali ndi ntchito. Popanda iye, mapulogalamu ena amaika tsamba 10 patsogolo pa tsamba 2.

Ndigwiritse ntchito pulogalamu yowerenga zilembo, kapena ndingotayipa ndekha?

Zimatengera dzanja lanu. Mapulogalamu owerenga zilembo pa chithunzi, amene amatchedwa OCR, amachita bwino ndi zolemba zopatukana, chilembo chilichonse pachokha, pa mizere yowongoka. Dzanja lolumikiza zilembo, lothamanga, lodzaza zidule, limawasokoneza. Njira zodziwika ndi Google Lens, Live Text pa mafoni a Apple kuyambira iOS 15 ya 2021, ndi kuika chithunzi pa Google Drive n'kusankha `Open with`, kenako `Google Docs`. Njira yomalizayi imafuna fayilo yosapitirira 2 MB, tsamba loima bwino osati chadodolido, ndi zilembo zotalika mapikiselo osachepera 10. Onani kuti chithunzi cha mnzanu chija chili pa malire penipeni.

Yesani ndi tsamba limodzi. Werengani mizere imene yatuluka yopanda cholakwika. Ngati mwa mizere khumi iliyonse, isanu ndi itatu ili bwino, pitirizani nayo pulogalamuyo. Ngati mukukonza mzere uliwonse, tayipani nokha, chifukwa kusaka zolakwika m'mawu a makina kumatopetsa maso kuposa kulemba mwatsopano.

Ine ndimakonda kutayipa ndekha tsamba likakhala la mfundo zovuta. Potayipa ndimakakamizika kufunsa kuti chidule ichi chimatanthauza chiyani, muvi uwu ukuloza kuti. Pulogalamu ndimaisiyira masamba a matanthauzo aatali amene mphunzitsi anatilembetsa liwu ndi liwu.

Mukamamata mawu ochokera ku pulogalamu, gwiritsani ntchito `Ctrl+Shift+V` mu Google Docs. Amalowa opanda kukula ndi maonekedwe a zilembo amene makina anangoganizira, ndipo mumayamba pa tsamba loyera.

Nanga zolakwika za pulogalamuzi ndizizindikira bwanji?

Tiyeni titenge tsamba lathu lija. Mawu ake atatuluka mu pulogalamu akuoneka chonchi:

```
kulowa/kutuluka m selo
difyu zambiri zochepa ATP ayi
osimo madzi okha memb
hypo selo kutupa kuphulika magazi
O.9 NaCI palibe kusintha
hyper kufota
chomera sichiph khoma
pampu 3 Na kunja 2K mkati
```

Mukawerenga mothamanga mungati zatheka. Koma mukaika chithunzi pambali pake, mupeza zolakwika za mitundu itatu.

Mtundu woyamba ndi zilembo zofanana maonekedwe. Ziro wa 0.9 wasanduka chilembo O, ndipo l wamng'ono wa NaCl wasanduka I wamkulu. Pa sikirini zimaoneka ngati zili bwino, koma tsiku lina mukadzafufuza `NaCl` ndi `Ctrl+F` simudzapeza kanthu. Ena amene amasinthana kawirikawiri ndi 1 ndi 7, 5 ndi S, 2 ndi Z, u ndi v, komanso r ndi n oyandikana amene amawerengedwa ngati m.

Mtundu wachiwiri ndi tizizindikiro tosowa. Chizindikiro cha % chapita, + wa pa Na⁺ ndi K⁺ wapitanso. Choopsa kwambiri pano ndi kadontho ka pakati pa manambala. Madzi a mchere a 0.9% ali ndi magalamu 9 a mchere pa lita, ndipo maselo ofiira a magazi amakhalamo osasintha. Kadontho ndi ziro zikatayika n'kutsala 9%, ndiye kuti magalamu 90 pa lita, ndipo maselo omwewo amafota. Nambala yolakwika simaoneka yolakwika mmene liwu lolakwika limaonekera, choncho nambala iliyonse iyerekezeni ndi chithunzi, imodziimodzi, chala chili pa sikirini.

Mtundu wachitatu ndi umene umandidetsa nkhawa kuposa yonse, chifukwa palibe chilembo cholakwika chimene mungaloze. Pa tsamba lenileni panali muvi pakati pa "zambiri" ndi "zochepa", wosonyeza kumene zinthu zimalowera. Panalinso muvi kuchokera pa "kutupa" kupita pa "kuphulika", ndi wina wautali wokhota kuchokera pa mzere wa chomera kukwera kukaloza mzere wa kuphulika, kutanthauza kuti chomera ndi chosiyana ndi mfundo imeneyoyo. Mizere itatu ya `hypo`, NaCl ndi `hyper` inalembedwa molowa mkati, pansi pa `osimo`, chidule cha osimosisi, kumene ndi kulowa ndi kutuluka kwa madzi mu selo. Ndipo m'mphepete mwa mzere wa pampu munali nyenyezi, imene wolemba anaika pamene mphunzitsi anabwereza mfundoyo kawiri. Zonsezi zafafanizika. Mawu atsala, koma chimene chimawalumikiza chapita, ndipo chimenecho ndicho amafunsa pa mayeso.

Ndiye musanakhudze mawu, yang'anani chithunzi mukusaka zinthu zimene si zilembo: mivi, mabokosi, mizere yapansi, nyenyezi, ndi malo amene dzanja linalowa mkati. Muvi uliwonse usandulizeni liwu. Nthawi zina ndi "kupita ku", nthawi zina "chifukwa chake", nthawi zina "koma". Ngati simukudziwa liwu loyenera muviwo, mwapeza pamene simunamvetse phunziro.

Mitu ndiipeza kuti, poti mphunzitsi sanatipatse mitu?

Pa mzere uliwonse dzifunseni kuti ukuyankha funso lanji. Mizere yoyankha funso limodzi ndi banja limodzi, ndipo funsolo ndiye mutu wawo. Pa tsamba lathu, mzere wa `difyu`, chidule cha difyushoni, kumene ndi kufalikira kwa zinthu kuchoka pamene zachuluka kupita pamene zachepa, ndi wa osimosisi akuyankha funso loti zinthu zimadutsa bwanji popanda selo kuwononga mphamvu. Mzere wa pampu ukuyankha loti zimadutsa bwanji selo ikawononga mphamvu. Apa mwapeza kale mitu iwiri imene sinalembedwe paliponse pa tsambalo. Mizere ya kutupa, kufota ndi chomera ikuyankha funso lina laling'ono, loti selo imatani ikaikidwa m'madzi osiyanasiyana, ndipo funso limeneli ndi mwana wa osimosisi.

Masitepe atatu ndi okwanira: mutu wa phunziro lonse, mitu ya magawo, ndi timitu tating'ono pamene gawo lakula. Mukafika pa sitepe yachinayi kapena yachisanu, nthawi zambiri ndiye kuti mwaphatikiza maphunziro awiri mu fayilo imodzi.

Mutu unene kanthu. "Zina zokhudza selo" sukuthandizani. "Selo imatani m'madzi a mchere wochepa, wofanana ndi wambiri?" ndi mutu umene mungaphimbe zapansi pake n'kudziyesa nokha.

Ndipo musapange mutu pongokulitsa zilembo. Gwiritsani ntchito masitayilo a `Heading 1`, `Heading 2` ndi `Heading 3`. Mu Word ndi mu Google Docs pa Windows, mumadina `Ctrl+Alt+1`, `Ctrl+Alt+2` kapena `Ctrl+Alt+3`. Mukatero pulogalamu imadziwa kuti umenewo ndi mutu, ndipo imakupangirani mndandanda wa mitu pambali, umene mu Word umatchedwa `Navigation Pane`. Mndandanda umenewu ndi poyesera pabwino. Werengani mitu yokha kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ngati ikufotokoza ulendo wa phunzirolo mwachidule, mwaika bwino. Ngati ikudumphadumpha, sunthani magawo tsopano, musanayambe kukongoletsa.

Kodi chilichonse ndichiike pa timadontho?

Ayi. Timadontho ndi ta zinthu zofanana msinkhu, zimene mungasinthe malo popanda kuwononga tanthauzo, monga mitundu itatu ya madzi pa tsamba lathu. Zinthu zotsatizana, monga masitepe a ntchito ya m'labu, zimafuna manambala, chifukwa dongosolo lake ndi gawo la yankho. Mu Google Docs timadontho ndi `Ctrl+Shift+8`, manambala ndi `Ctrl+Shift+7`. Zinthu ziwiri kapena zitatu zimene mukuziyerekeza pa mbali zingapo zimakhala bwino mu tebulo. Ndipo mfundo yokhala ndi "chifukwa" mkati mwake isiyeni ikhale chiganizo chathunthu.

Apa ndi pamene manotsi ambiri ooneka audongo amagwera. Munthu amalemba kadontho koti "khoma la selo", kena koti "chomera sichiphulika", n'kuona ngati wafupikitsa bwino. Koma wadula ulusi umene unalumikiza ziwirizo. Kadontho kabwino kamatha kuima pakokha: mukakawerenga patapita mwezi, osaona chithunzi, kakhale ndi chochita, chochitika ndi chifukwa chake. Gawo la osimosisi litakonzedwa likuoneka motere, m'kalembedwe ka Markdown, mmene # ndi mutu, - ndi kadontho, ndipo nyenyezi ziwiri zimadetsa liwu:

```
### Selo imatani m'madzi osiyanasiyana?
- **Haipotoniki**: kunja kuli zosungunuka zochepa kuposa mkati.
  Madzi amalowa, selo yofiira ya magazi imatupa n'kuphulika.
  - Selo ya chomera imatupa koma siphulika, chifukwa khoma limaigwira.
- **Aisotoniki** (0.9% NaCl): madzi olowa ndi otuluka ndi ofanana.
- **Haipatoniki**: kunja kuli zosungunuka zambiri.
  Madzi amatuluka, selo imafota.
```

Onani kumene mzere wa chomera wapita. Pa tsamba loyamba unali pansi, patali ndi mnzake. Tsopano wakhala pansi pa haipotoniki, molowa mkati, pamene muvi wokhota uja unkaloza. Onaninso kuti mawu oti madzi amalowa ndi madzi amatuluka sanali pa tsamba loyamba. Mphunzitsi anawanena, dzanja silinawagwire, ndipo popanda iwo kutupa ndi kufota ndi zongoloweza pamtima.

Mawu ofunikira ndi ati, ndipo ndiwaonetse bwanji?

Liwu lofunikira ndi limene funso la mayeso lingayambe nalo kuti "Tanthauzirani", kapena limene woonkhetsa malikisi angalifune mu yankho lanu. Pa tsamba lathu alipo asanu ndi awiri: difyushoni, osimosisi, haipotoniki, aisotoniki, haipatoniki, kunyamula kofuna mphamvu, ndi pampu ya Na⁺/K⁺. Mawu ngati "madzi" kapena "selo" ndi ofunika, koma simukuwaphunzira lero.

Lidetseni liwulo ndi `Ctrl+B` kamodzi kokha, pamalo pamene tanthauzo lake lili, ndipo tanthauzolo litsatire pomwepo. Likadzabweranso m'munsimu, lisiyeni wamba. Mukatero, diso likaona liwu lakuda limadziwa kuti apa pali tanthauzo. Mukadetsa paliponse pamene liwulo laonekera, chizindikirocho chimasiya kunena kanthu.

Sankhani zizindikiro zochepa, chilichonse ndi ntchito imodzi, ndipo musazisinthe chaka chonse. Ine ndimagwiritsa zitatu: zilembo zakuda pa liwu lotanthauziridwa, nyenyezi pa mfundo imene mphunzitsi anaitsindika, ndi [?] pamene ndikukayika. Utoto wokha musaudalire, chifukwa mukasindikiza ndi inki yakuda, wachikasu ndi wobiriwira amafanana.

Mawu ofanana kamvekedwe amafuna chisamaliro chapadera. M'zolemba zothamanga, `hypo` ndi `hyper`, zidule za haipotoniki ndi haipatoniki, amasiyana ndi tizilembo ta kumapeto tokha, koma matanthauzo awo ndi otsutsana. Musangokhulupirira maso pano. Yesani ndi nzeru: ngati selo ikutupa, madzi akulowa, ndipo madzi amalowera kumene kuli zosungunuka zambiri, ndiye kunja kuyenera kukhala ndi zochepa. Liwu lake ndi `hypo`. Mzere ukanena zosiyana ndi zimenezi, wina analakwitsa, kaya ndi makina, kaya ndi dzanja lanu.

Kudetsa mawu pakokha si kuphunzira. Mu 2013, John Dunlosky ndi anzake anasanthula njira khumi zowerengera, ndipo kulemba mizere pansi pa mawu kapena kuwapaka utoto anakuika m'gulu la njira zothandiza pang'ono, pamodzi ndi kuwerenga mobwerezabwereza. Pamwamba anaika kudziyesa ndi mafunso ndi kuwerenga motalikitsa masiku. Choncho liwu lakuda lililonse mulione ngati funso limene likudikira: phimbani tanthauzo, nenani nokha, kenako vundukulani.

Pali mawu amene sindikutha kuwawerenga, ndipo pena chiganizo chinathera panjira. Nditani?

Musalembe zongoganizira ngati kuti ndi zimene zinali pa tsamba. Manotsi otayipa amaoneka odalirika kuposa a pamanja, ndipo chimene mwangopeka lero mudzachiwerenga ngati choona pakatha mwezi. Zinandichitikirapo ndi mzere wa pampu womwewu. Manambala ndinawaona, koma mawu oti kunja ndi mkati anali atafufutika, ndiye ndinawaika mmene ndinkaganizira. Ndinaloweza zotembenuka kwa milungu ingapo, mpaka funso lina loyeserera linakana kugwirizana ndi manotsi anga. Choona ndi chakuti pa ATP imodzi, kanthu kamene kamapereka mphamvu mu selo, pampu imatulutsa Na⁺ atatu ndi kulowetsa K⁺ awiri.

Lembani zimene mukuona, ikani [?], ndipo onjezani dzina la chithunzi kuti mudzabwererepo msanga:

```
- Pampu ya Na⁺/K⁺: 3 Na⁺, 2 K⁺, ATP imodzi.
  [? mbali iti imatuluka, onani selo_02]
```

Mukamaliza phunziro lonse, fufuzani [? ndi `Ctrl+F`, ndipo mupeza mndandanda wa mafunso anu onse. Yambani ndi dzanja lomwelo: liwu losawerengeka nthawi zambiri linalembedwanso pena momveka, ndipo mukhoza kuyerekeza mmene wolembayo amapangira chilembo chimenecho. Kenako buku la phunzirolo, kenako kope la mnzanu, ndipo zotsala mupite nazo kwa aphunzitsi. Funso loti "Pa pampu paja, ndi Na⁺ kapena K⁺ amene amatuluka?" amaliyankha mosavuta kuposa loti simunamve phunziro lonse.

Zimene mwaonjezera kuchokera m'buku zilembeni mosiyanitsa, mwina ndi liwu loti "buku" m'mabulaketi. Aphunzitsi ena amafuna tanthauzo mmene analiperekera, ndipo ndi bwino kudziwa mawu amene ndi awo.

Zojambula ndi masamu nditani nazo?

Chojambula chiduleni pa chithunzi n'kuchimata pansi pa mutu wake, kenako tayipani mayina a zigawo zake m'munsi kuti azipezeka pofufuza. Ngati ndi chojambula chimene mudzafunika kujambula pa mayeso, chijambuleninso pamanja pa pepala loyera n'kuchijambula ndi foni. Mukapanga kope lachiwiri lopanda mayina, mwapeza chodziyesera.

Masamu ndi mafomula musawapereke kwa pulogalamu wamba yowerenga zilembo. Imasandutsa x² kukhala x2, imagwetsa chizindikiro chochotsera, ndipo nambala ya pamwamba ndi ya pansi pa mzere wogawa imaziika pa mizere iwiri yosagwirizana. Fomula yaifupi itayipeni nokha, mu Word podina `Alt+=`. Chitsanzo chachitali cha masitepe ambiri chisiyeni ngati chithunzi, koma pambali pa sitepe iliyonse lembani chifukwa chake, poti chimenecho ndicho chimasowa m'manotsi a masamu.

Manotsi okonzedwa akhale aafupi bwanji, ndipo ntchitoyi ndiichite liti?

Palibe muyezo umodzi. Tsamba lathu linakula litakonzedwa, chifukwa linali la zidule zokhazokha ndipo linafunika kubwezeretsa maverebu ndi zifukwa. Tsamba la mphunzitsi wolembetsa ziganizo zazitali limachepa. Chotsani zobwereza, zolengeza za kalasi, ndi chitsanzo chachitatu cha mfundo imene ziwiri zaikwanira. Musachotse mawu ochepetsa mfundo, monga "nthawi zambiri", "kupatula", "pokhapokha". Amaoneka ngati odzazira malo, koma mukawachotsa, mfundo yoona nthawi zina imasanduka lamulo labodza.

Za nthawi, chitani tsiku lomwelo kapena mawa lake. Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti kuiwala kumathamanga kwambiri poyambirira, kenako kumachepa liwiro. Pa ntchito yathuyi tanthauzo lake ndi loti chidule ngati "sichiph" mudzachimasula mosavuta madzulo a tsiku la phunziro, pamene pakatha mwezi chidzakhala [?] wina. Ngati muli ndi mulu wa milungu yambiri, yambani ndi phunziro la sabata ino, limene likadali m'mutu, kenako muzibwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

Ndidziwa bwanji kuti manotsi atheka, ndipo zithunzi ndingazifufute?

Yesani kawiri. Koyamba, ikani chithunzi kumanzere, manotsi kumanja, ndipo tsikani mzere ndi mzere pa chithunzicho mukufunsa kuti mfundo iyi yapita kuti. Iliyonse ikhale ndi malo ake, kapena mukhale mutaisiya mwadala. Yambirani pa chithunzi kupita ku manotsi, chifukwa mukayambira ku manotsi simungaone chimene chasowa.

Kachiwiri, dikirani masiku awiri, tsekani chithunzi, tsegulani mndandanda wa mitu yokha, ndipo yankhani mutu uliwonse mokweza kapena pa pepala. Iyi ndi nzeru yomwe ili mu njira ya Cornell, imene Walter Pauk anaikonza m'zaka za m'ma 1950, yoika mafunso m'danga la kumanzere n'kumaphimba mayankho. Mukakakamira pa mutu wina, tsegulani manotsi. Ngati yankho lilimo ndipo likumveka, mwangofunika kubwereza. Ngati mwawerenga koma mukufunabe kuona chithunzi kuti mumve, gawo limenelo silinathe, ndipo kawirikawiri mupeza kuti pali muvi umene simunausandulize liwu.

Zithunzi musafufute mpaka mayeso atadutsa. Zisungeni mu foda imodzi ndi manotsi, ndipo pansi pa mutu wa gawo lililonse lembani dzina la chithunzi chimene linachokera, monga `selo_02`. Tsiku limene nambala ina idzakukayikitsani, mudzatsegula tsamba lenilenilo m'malo mosanthula zithunzi zonse za mu foni. Ngati kope linali la mnzanu, mufunseni kaye musanagawire ena zimene mwakonza, ndipo mumutumizire ma [?] anu, chifukwa dzanja lake amaliwerenga ndi iye mwini.